Sopo wa m'botolo pachiyimire

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi, koma Loweruka lililonse ndimapita kukosi ya zaumoyo. Chigawo chino anatiuza kuti aliyense akonze kampeni yosintha khalidwe limodzi la anthu potsata nzeru za amalonda, zomwe ndi katundu, mtengo, malo ndi kutsatsa. Ndinaseka chamumtima, poti izi ndiye zomwe ndimadyera.

Ndinasankha anthu odya nsima pachiyimire mumsika mwathu. Khalidwe lake limodzi basi: kusamba m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati kuviika m'beseni limodzi. Anzanga ena anathamangira kujambula mapositala a kolera. Koma chichitikire mliri wa 2022 ndi 2023, ndani sadziwa kolera? Anthuwa akudziwa, chowaletsa ndi china.

Chowaletsacho ndi mtengo, ndipo mtengo si ndalama zokha ayi. Abambo a kabaza anandiuza kuti sopo wonunkhira amatsalira m'manja, nsima n'kumamveka sopo. Komanso akaima pamzere wosamba, kasitomala watengedwa ndi mnzawo. Amayi ophika nawo, madzi amachita kugula pandowa, ndipo akaika sopo wa mtanda pakhomo safika madzulo, wina wamuika m'thumba. Munthu wotere ukamuuza kuti "ukhondo ndi wofunika" wangomutayira nthawi.

Ndiye tinayamba ndi katunduyo. Tinasungunula magalamu 30 a sopo wa ufa m'botolo la madzi la lita imodzi ndi theka, n'kuboola chitsekerero ndi msomali. Madzi a sopo wakuba alibe nawo ntchito, ndipo tinasankha wosanunkhira kwambiri. Botololo tinalimangirira pa ndowa ya mpopi, ndowayo n'kuiika pakati pa khomo ndi benchi, kuti wolowa achite kuilambalala ngati akuikana. Beseni tinaliika pansi kuti lizingolandira madzi akuda.

Pa kutsatsa sitinatchule matenda. Tinalemba pakatoni funso limodzi: "Wasambamo ndani m'beseni umu?" Kunyansidwa kumamugwira munthu pomwepo, pamene mantha a matenda amadikira mawa.

Chovuta kwenikweni ndi kudziwa ngati zikutheka. Ukafunsa, aliyense amati amasamba. Ukaima pafupi ndi kope m'manja, amasamba mpaka m'zigongono chifukwa cha iweyo. Choncho ndimakhala pabenchi langa chapatali, n'kumawerenga olowa ndi osamba nthawi ya nkhomaliro, monga ndinachitira sabata yathunthu tisanaike ndowa, kuti pakhale poyerekeza. Pabotolo ndimalemba mzere m'mawa, madzulo n'kuona pomwe sopo wafika. Mzerewu nawo umanama, chifukwa tsiku lina sopo anatsika kwambiri chonsecho odya anali ochepa, kufufuza, mtsikana wothandiza kuphika anatsukira mbale. Mu lipoti ndalembamo zimenezo, ndipo sabata ino tikumuikira botolo lakelake kuseri.