Uthenga Wopita ku Karonga

Pa Chichewa pali mawu awiri ofanana kwambiri koma osiyana mitima: "wasowa" ndi "ndakusowa". Ukamuuza munthu kuti "wasowatu", wamupatsa mlandu. Iye ndiye wasowa, ndiye afotokoze komwe anali. N'chifukwa chake yankho lake limakhala lodziteteza: "Ndilipo", kapena "Wasowa ndiwe". Koma ukati "ndakusowa", wosowayo ndiwe, monga momwe munthu amasowera mchere kapena sopo. Ukuvomera kuti pali malo amene atsala opanda kanthu ndipo mnzakoyo ndiye ankakhalapo. Agogo anga sanena n'komwe mawu amenewa. Iwo amati "ndakupukwa", ndipo akatero umamva kuti mpaka nsima sikuwalowa bwino.

Mnzanga wapamtima ali ku Karonga. Tinakhala limodzi zaka zinayi kusekondale ya mpingo, bedi lake pamwamba langa pansi, shuga ndi chiponde m'sutikesi imodzi. Zotsatira za MSCE zitatuluka, tonse tinakhoza, mapointi athu osasiyana kwenikweni. Ine fizi inapezeka, ndinabwera kuno. Iye bambo ake anali atangomwalira, ndiye azakhali ake anamutenga kuti azikawathandiza m'golosale uku akudikira kuti mwina chaka chamawa zitheka. Kuchokera kuno ku Ntcheu ndi ulendo wa makilomita opitirira 700 pamsewu wa M1, kudutsa Dedza, Lilongwe, Kasungu ndi Mzuzu, kenako kutsika zikhotakhota za Chiweta mpaka kunyanja. Ndalama ya basi yopita ndi kubwera palibe aliyense wa ife amene ali nayo. Choncho ubwenzi wathu wonse tsopano ukukhala m'foni, ndipo ndaona kuti m'fonimo ubwenzi ukhoza kufa anthu akulemberana tsiku ndi tsiku.

Umafa chonchi. Wina alemba "Bho?", winayo "Bho, iwe?", woyamba uja "Bhobho". Mawa chimodzimodzi. Lachisanu kutumizirana chithunzi cha maluwa chofunira Sabata labwino, chomwecho chimene chatumizidwanso kwa anthu makumi atatu ena. Palibe amene wayambana ndi mnzake, koma pakatha miyezi itatu simudziwa chilichonse cha wina ndi mnzake kupatula zoti ali moyo. M'kalasi ya kaphunzitsidwe timauzidwa kuti ukafunsa ana kuti "Mwamva?" onse amayankha "Eee" ngakhale sanamve kanthu. "Uli bwanji?" ndi funso la mtundu womwewo. Yankho lake lilipo kale, munthu amangolitola. Ndiye kwa munthu amene bambo ake anamwalira, sukulu yaima, ali pakati pa anthu olankhula Chitumbuka ndi Chinkhonde zomwe iye sadziwa, "ndili bwino" amabisa zambiri.

Ngakhale "ndakusowa" weniweniyo, akakhala yekha, salemera. Amene amandilembera mawu amenewa kawirikawiri ndi anthu oti meseji yachiwiri ikhala yopempha mayunitsi. Kuti mnzako akhulupirire, umuuze chimene wasowa, pati, nthawi yanji. Chikhale chinthu choti sungathe kutumiza kwa munthu wina aliyense, chifukwa wina sangachimve.

Zimenezi ndinazionanso m'kalata yachiwiri ya Paulo kwa Timoteo, yomwe tinkaiwerenga pa mapemphero a m'mawa. Paulo ali m'ndende, akudziwa kuti masiku ake atha. Kumayambiriro akunena kuti akulakalaka kumuona Timoteo, ndipo chimene akukumbukira ndi misozi yake, komanso agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike, mayina awo enieni. Kumapeto, m'chaputala 4, akumupempha kuti amutengere chofunda chimene anachisiya ku Trowa pamodzi ndi mabuku, ndipo afulumire nyengo yozizira isanafike. Ine chofundacho ndi chimene chimandigwira mtima. Munthu sungatume mlendo kuti akakutengere chofunda chako chakale. Umatuma amene akudziwa nyumba yomwe unachisiya.

Uthenga umene ndinamulembera mnzangayu unali wa Lachisanu lina mu Juni, madzulo, nditamaliza kusita. Ndiulemba pano monga momwe unalili, iye wavomera:

"Iwe, ndakusowa. Lero ndimasita siketi yoyera ija ndipo panalibe wondilanda simbi n'kundiuza kuti mapindo ndikuwapha. Kuno kwazizira moti usiku ndikugona ndi juzi yako yobiriwira, sindibweza. Pakwaya andiika alito ndekha pamzere wathu, ndipo pamalo paja timalowa mochedwa ndikulowabe mochedwa, koma palibe wonditsina. Ndiuze chinthu chimodzi: ukakhala pakhomo pa golosale madzulo, umaona chiyani? Usavutike kuyankha lero, ndikudziwa za bandulo. Dzuwa kuno latsala pang'ono kulowa, kwanuko likhalapobe kamphindi. Ndikupempherera pamene ndikutsegula Sabata."

Za dzuwazo si zongokometsera. M'mwezi wa Juni ku Karonga dzuwa limalowa mochedwerapo ndi mphindi pafupifupi khumi kuyerekeza ndi kuno, chifukwa kuli kumpoto kwambiri ndipo masiku a nyengo yozizira safupika ngati kuno. Mu Disembala zimatembenuka, iwo ndi amene amayamba. Kusukulu tinkatsegula Sabata titakhala benchi limodzi, buku la Khristu mu Nyimbo limodzi pakati pathu. Tsopano ngakhale Sabatalo limatipeza nthawi zosiyana. Ndinafuna adziwe kuti ndinawerengera mphindi zimenezo.

Funso la pakhomo pa golosale ndinalisankha dala. Silingayankhidwe ndi "bwino". Komanso silimukakamiza kuti aulule za mumtima ngati sakufuna. Akhoza kungonena za njinga ndi fumbi, n'kuthera pomwepo, kapena akhoza kuyambira pa njingazo n'kufika pomwe pakumupweteka. Chitseko ndi chake.

Chovuta kwambiri chinali zimene ndinasiya osalemba. Sabata imeneyo tinali titalandira zotsatira za mayeso apakati pa semesita ndipo ndinakhoza bwino. Kale iye ndiye akanakhala woyamba kumva. Koma uthenga wonena kuti ndakusowa si malo ake a nkhani imeneyo, pamene iye akuyeza shuga pasikelo ndi mapointi ofanana ndi anga. Sindikunena kuti tizibisa moyo wathu wa kukoleji, ayi, mnzako weniweni amazindikira ukamamubisira ndipo zimamupweteka koposa. Ndikunena kuti nkhani zotere zidikire iye afunse, ndipo amafunsa ndithu. Chachiwiri chimene ndinasiya ndi funso limene ife a mpingo uno limatiyabwa pakamwa: "Ukupitabe kutchalitchi?" Azakhali ake si a mpingo wathu, ndipo Loweruka ndi tsiku limene golosale imagulitsa kwambiri. Ndikudziwa zimenezi, iyenso akudziwa kuti ndikudziwa. Funso limenelo likanasandutsa uthenga wanga kukhala wa mkulu wa mpingo woyendera nkhosa zosochera. Munthu amene akudya nsima ya eni ake sasowa womukumbutsa lamulo lachinayi, analiloweza tili Fomu 1. Amasowa woti amuuze mmene zikumuvutira popanda kuopa kuti nkhaniyo ikafika kugulu la anzathu akale ngati pempho la pemphero.

Ukatumiza, pamabwera mayeso ena: timizere ta pa WhatsApp. Kamzere kamodzi kotuwa ndiye kuti uthenga wachoka kwa iwe koma sunafike pafoni yake. Tiwiri totuwa, wafika. Tiwiri tobiriwira ngati thambo, watsegulidwa, ngakhale ena amazimitsa zimenezi moti tawo sitisintha mtundu. M'hositelo muno ndaona atsikana akulira chifukwa cha timizere timeneti, akuwerenga chidani pomwe palibe. Kamzere kamodzi masiku atatu nthawi zambiri ndi bandulo yatha kapena magetsi anathima foni n'kuzima. Ngakhale tiwiri tobiriwira popanda yankho sitinena kuti wakutaya. Munthu akhoza kuwerenga kasitomala ali pakhomo, n'kusunga kuti ayankhe usiku, usikuwo n'kugona ndi kutopa. Ndipo uthenga wolemera umatenga nthawi kuyankha kusiyana ndi "Bho?". Chimene chimaononga ndi meseji yotsatira ija: "Ndaona kuti wawerenga", kapena "Basi tinatayidwa ife". Pamenepo "ndakusowa" uja wasanduka "wasowa", ndipo mnzako akatsegula foni amapeza ngongole. Munthu wangongole amazemba, ngakhale amene akumuzembayo amamukonda.

Pali malire ake. Kukhala chete kwa masiku ndi kwabwinobwino, koma zikafika masabata atatu kapena anayi kwa munthu amene ali pachisoni, foni ikulira osayankhidwa, sindingakhale ndikuyang'ana timizere. Ndingaimbire azakhali akewo mwaulemu n'kufunsa ngati ali bwino. Nambala yawo ndinaitenga tsiku lomwe ankanyamuka.

Uthenga wanga unakhala pa kamzere kamodzi Sabata lonse ndi Lamulungu. Lolemba tinakhala tiwiri. Yankho linabwera Lachiwiri usiku, mawu ojambula a mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo ndinakawamvera kuseri kwa hositelo chifukwa m'chipinda munali phokoso. Anayamba ndi juzi, kuti ndine wakuba ndipo kumeneko sangaifune n'komwe chifukwa ngakhale mu Juni amagona atatsegula mawindo. Kenako anayankha funso lija. Akuti madzulo amaona njinga zambirimbiri, zina zitanyamula matumba a mpunga wa Kilombero, ndi amayi ogulitsa usipa amene amamuseka akamayankha "nili makora" ndi lilime la Chichewa. Akuti pali kamtsikana ka Sitandade 7 ka nyumba yoyandikana nayo kamene kamabwera ndi kope la masamu, ndipo amakaphunzitsa mafulakishoni pa kauntala pogwiritsa ntchito sopo wodula.

Pa mphindi yachinayi mawu anasintha. Anati Loweruka amagulitsa mpaka 12 koloko, ndipo akamamva kwaya ya tchalitchi china chapafupi amalowa kuseri kwa mashelefu kuti azakhali asamuone nkhope. Anati sanauzepo munthu aliyense. Anati akufuna kuwapempha azakhaliwo kuti azigwira Lamulungu lonse m'malo mwake, koma akuopa kuoneka wosayamika, ndiye ndimuthandize kupeza mawu oyambira. Tinagwirizana kuti ndimuimbire Lachinayi ikakwana 9 koloko usiku, golosale atatseka, ndipo tiyeserere: ine ndikhale azakhali, iye alankhule. Pomaliza penipeni anafunsa kuti, "Nanga mayeso aja anayenda bwanji? Usandibisire iwe."

Ndinamuuza.