Chisena chisasowe pa CV

Ntchito yanga ndi yotayipa. Ndili ndi kompyuta ndi makina osindikizira m'kashopu pa Nchalo, ndipo ambiri obwera kwa ine amafuna CV ndi kambiri kachidule ka mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, kamene mabungwe akunja amafuna kuti munthu adzifotokoze. Tikafika pa ziyankhulo, pafupifupi aliyense amandiuza kuti, "Ingolembani Chingerezi ndi Chichewa." Ndikafunsa zomwe amayankhula ndi agogo ake, amaseka mwamanyazi n'kunena kuti Chisena, ngati ndamufunsa zam'chipinda.

Manyazi amenewa ndi otayitsa ntchito. Chingerezi aliyense wofunsira ali nacho. Koma Chisena sichithera pa Marka, chimayankhulidwa ku Mutarara, ku Caia mpaka ku Beira. Bungwe lofuna wantchito m'zigawo za Sofala kapena Tete likapeza munthu wodziwa Chingerezi ndi Chisena pamodzi, lapeza woti angalembe lipoti la ku likulu komanso kukhala pansi ndi amfumu popanda womasulira.

Ndifotokoze za mayi wina, wazaumoyo wa ku Bangula, amene ankafunsira ntchito ku bungwe lothandiza anthu pa ngozi ku Mozambique. Pepala lomwe adabwera nalo linkati amadziwa bwino kwambiri Chingerezi, Chichewa ndi Chipwitikizi, komanso amatha kugwira ntchito ndi anthu a zikhalidwe zosiyanasiyana. Chisena panalibe.

Ndidayamba ndi Chipwitikizicho. Ndidawafunsa ngati angawerenge kalata ya boma la Mozambique, ngati angalembe lipoti, ngati angayankhe foni. Zidapezeka kuti amatha moni, manambala, mitengo ya pamsika ndi mafunso ochepa a kuchipatala. Chimenecho ndi Chipwitikizi ndithu, koma cha poyambira. Mabungwe ambiri amayeza ndi makwerero a ku Ulaya oyambira A1 kufika C2, ndipo cha mayiwa chidali cha pa A2 poyankhula, polemba n'kutsikirapo. Tidalemba choncho. Wodzikweza amagwidwa mosavuta: pa intavyu mmodzi mwa ofunsa amangotembenukira ku Chipwitikizi mwadzidzidzi, ndipo ukangoti kakasi, amayamba kukayikira ngakhale zoona zomwe walemba. Fomu ya P11, imene nthambi zina za United Nations zimagwiritsabe ntchito, imafunsa padera kuwerenga, kulemba, kuyankhula ndi kumva. Ine ndimagawa chomwecho ngakhale sanapemphe, chifukwa kuno ambiri amayankhula Chisena ngati madzi koma sanachilembepo, popeza kusukulu adaphunzira kulemba Chichewa.

Kenako tidalowa pa mawu aja akuti zikhalidwe zosiyanasiyana. Amenewo ndimafufuta nthawi zonse, sauza wowerenga kanthu. Ndimafunsa kuti: kuti, liti, ndi yani, mudachitapo chiyani? Mayiwa adakumbuka kuti namondwe Idai atagwa mu Malichi 2019, adatumikira pamsasa wa Bangula, pomwe padali anthu a m'midzi ya kuno ndi ena othawa madzi kuchokera tsidya la Mozambique. Ankamasulira pakati pa madokotala akunja ndi odwala. Ndi iwo amene adalangiza alendowo kuti nkhani za uchembere asazifunse pagulu pali apongozi, komanso kuti asanayambe kalembera adzere kwa nyakwawa. Zonsezi ankaziona ngati zosayenera kulembedwa.

Kambiri kawo, kamene ndidakatayipa m'Chingerezi, kadatuluka motere: "Ndine wazaumoyo wa m'boma la Nsanje. Chisena ndi chiyankhulo chobadwa nacho. Chichewa ndi Chingerezi ndimayankhula ndi kulemba pantchito. Chipwitikizi ndimayankhula pa A2. Mu 2019 ndidamasulira Chisena ndi Chingerezi pamsasa wa Bangula, pakati pa madokotala akunja ndi mabanja a ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo ndidakonza zokumana ndi mafumu."

Pali malire ena oti munthu awadziwe. Chisena cha ku Nsanje chidamwa Chichewa ndi Chingerezi, pomwe cha ku Beira chidamwa Chipwitikizi, makamaka pa manambala, masiku ndi mawu a mu ofesi. Mumamvana, koma sabata zoyamba khutu limavutika, ndiye ndi bwino kulemba kuti ndi Chisena cha ku Malawi. Chimang'anja ndimachiika pambali pa Chichewa, osati ngati chiyankhulo chowonjezera chokometsera mndandanda. Ndipo pa mafomu a pa intaneti Chichewa nthawi zina chimabisala pa dzina la Nyanja. Chisena chikasowa pamndandanda, sankhani Other n'kuchilemba nokha.

Akuluakulu ena amafuna ndilembe kuti adakulira pakati pa othawa nkhondo ku Mankhokwe, m'zaka za m'ma 1980. Ndimawauza kuti kukhala moyandikana si ntchito. Ngati mudamasulirapo, mudaphunzitsapo kapena mudagawapo chakudya, bwerani ndi chaka chake ndi dzina la munthu amene angakuchitireni umboni akamuimbira foni.