Kulemba nambala zoti munthu amve ndi khutu

Ndimafika pa siteshoni 5 koloko m'mamawa, nthawi imene chifunga chimakhala chitaphimba phiri la Dedza ndipo zala zimauma ndi chisanu. Ntchito yanga ndi kulemba nkhani zimene mnzanga amawerenga pa wailesi ikakwana 7 koloko. Ndikamalemba ndimaganiza za mayi wa ku Bembeke amene akusankha kachewere pakhonde, wailesi ili pa mpando chapatali, mwana akulira kumbuyo. Mayi ameneyu amva mawu anga kamodzi kokha. Wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera pamwamba n'kuyambiranso, koma pa wailesi mawu akadutsa adutsa.

N'chifukwa chake chiganizo chilichonse ndimachipatsa mfundo imodzi, ndipo ndimachiyesa ndi mpweya. Ndimachiwerenga mokweza, ndipo ndikaona kuti ndapuma chisanathe, ndimachidula pawiri. Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sanawadziwitsebe" ladzaza kale pakamwa, choncho chiganizo cha mawu khumi ndi awiri chimakhala chakwana. Udindo wa munthu ndimautchula dzina lisanabwere, kuti womvera adziwe kaye ngati akulankhulayo ndi mfumu, mlangizi wa zaulimi kapena wapolisi.

Koma pamene pamandidyera nthawi kwenikweni ndi pa nambala. Papepala limene mnzanga amalowa nalo mu situdiyo simupezeka nambala yolembedwa ndi zizindikiro. Iliyonse ndimailemba m'mawu, monga momwe iyenera kutulukira pakamwa. Ndikamusiyira K1,700 kuti aone yekha chochita, amaima kaye pang'ono n'kumasankha katchulidwe maikolofoni ili yotsegula, ndipo kakuima kameneko womvera amakamva.

Vuto lathu ndi lakuti tili ndi njira ziwiri zowerengera. Ya makolo imafika pa zisanu n'kuyamba kuphatikiza: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Imakoma kwambiri pa zinthu zochepa. Anthu atatu avulala pa ngozi ya pa msewu wa M1 pafupi ndi Linthipe. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zabedwa. Palibe amene angasokonezeke pamenepa, ndipo ine sindilola kuti tinene "anthu firii" pamene liwu lakuti atatu lilipo. Koma nambala ikakula, njira imeneyi imayamba kulemera. 700 ndi mazana asanu ndi awiri. Nanga awiriwo ndi mazana, kapena ndi awiri chabe oonjezera pa 500? Tsiku lina, ndikadali watsopano pantchito, ndinalemba motero pa chilengezo cha matumba a mbewu. Masana ake bambo wina wachikulire anatsika njinga pageti n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, matumba aja ndi angati kwenikweni? Kwathu tatsutsana, ena akuti faifi handiredi ndi awiri." Anapalasa mtunda wonsewo chifukwa cha chiganizo changa. Kuyambira pamenepo, ndalama ndi nambala zikuluzikulu ndimazilemba monga amazitchulira pamsika wa pa boma, pamene aliyense, wopita kusukulu ndi wosapita yemwe, amati seveni handiredi.

Alipo anzanga amene amadana ndi zimenezi, amati tikupha chilankhulo. Nkhawa yawo ndimaimva, ndipo nane imandikhudza. Komabe agogo amene amagulitsa tomato pa Bembeke satchula mtengo wa beseni m'makumi ndi mphambu. Ndikawauza mtengo wa fetereza m'njira imene iwo sagwiritsa ntchito pogula ndi pogulitsa, ayamba kuwerengetsera zala, ndipo pomwe azimaliza nkhani yachiwiri ili pakati.

Nkhani imene inandiyesa kwambiri ndi ya pa 9 Novembala 2023, pamene banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha. Chikalata chake chinali m'Chingerezi, ndipo nambala zofunika zinali zitatu: dola imodzi ya ku America yachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kusintha kwa 44 peresenti. Ndinayamba ndalemba chiganizo chimodzi chokhala ndi zonsezo, pamodzi ndi dzina la banki ndi tsiku. Nditachiwerenga mokweza ndinapuma katatu. Ndinachifufuta.

Ndinayamba ndi 44 peresenti ija. M'Chichewa chenicheni ndi makumi anayi ndi mphambu zinayi pa zana lililonse, mawu asanu ndi atatu amene sauza munthu chimene chasintha m'thumba mwake. Palinso msampha. Nambala imeneyi ikunena za kukwera kwa mtengo wa dola, pakuti K520 yoonjezerayo ndi magawo 44 pa 100 a K1,180. Ukawerengera mbali inayo, kuti kwacha yataya mphamvu yochuluka bwanji, umapeza pafupifupi magawo 30 pa 100. Ndikananena kuti pa K100 iliyonse K44 yapita, ndikananamiza anthu. Choncho peresentiyo ndinaisiya kunja.

Kenako K1,180. Pa wailesi yaing'ono ya mabatire ofooka, "eyite" ndi "eyitini" zimamveka ngati liwu limodzi, monganso fifite ndi fifitini. Ndinaikweza pang'ono kufika pa nambala yosalala n'kuikira "pafupifupi" kutsogolo, kuti ndisaname. Zimene zinalowa mu situdiyo zinali izi:

"Ndalama ya kwacha yatsika mphamvu kuyambira lero. Yalengeza zimenezi ndi banki yaikulu ya dziko lino. Dzulo, dola imodzi ya ku America imagulidwa pafupifupi wani sauzande thu handiredi kwacha. Lero ikugulidwa wani sauzande seveni handiredi kwacha. Apa ndiye kuti dola iliyonse yakwera ndi ndalama yoposa faifi handiredi kwacha. Katundu wochokera kunja, monga fetereza ndi mafuta a galimoto, amagulidwa ndi madola."

Ziganizo zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe chimene chanyamula nambala ziwiri za ndalama. "Dzulo" ndi "lero" ndinaziika koyambirira dala, kuti khutu lidziwe kuti pakubwera zinthu ziwiri zoyerekeza. Chiganizo chomaliza ndicho chinali cha mlimi wa ku Lobi kapena ku Mayani amene dola sanaigwirepo m'manja, koma Novembala ndi mwezi umene amasakasaka thumba la fetereza mvula isanagwe. Sindinalembe kuti mitengo ikwera ndi ndalama zakutizakuti, chifukwa m'mawa umenewo palibe amene anali atalengeza.

Liwu lakuti mtengo nalo limafuna kusamala. Papepala, mtengo wa pamsika ndi mtengo wa m'nkhalango ya Chongoni zimalembedwa chimodzimodzi, zimasiyana pa kakwezedwe ka mawu basi. Wowerenga akakumana ndi "mitengo yagwa" koyambirira kwa chiganizo, sadziwa kuti akweze pati mpaka ataona mawu otsatira. Ndiye ndimamuthandiza polemba "mitengo ya chimanga" kapena "mitengo ya paini" pomwepo, kapena kutsogoza mawu akuti "pamsika".

Ikamakwana hafu pasiti sikisi timakhala awiri pa tebulo, iye akuwerenga mokweza, ine nditatembenuka kuyang'ana kukhoma kuti ndisaone pepala. Akamaliza nkhani iliyonse ndimayesa kubwereza nambala zake pamtima. Ndikalephera kukumbukira imodzi, ndimati, "Achimwene, tabwerezani pamenepo," ndipo nthawi zambiri timapeza kuti nambalayo yayandikana kwambiri ndi inzake, kapena siyofunika n'komwe. Timaichotsa kapena kuipatsa chiganizo chakechake, iye n'kujambula kamzere ndi bolopeni pamene adzapumire, kenako n'kutenga mapepala ake kulowa nawo mu situdiyo.