Masamba atatu alowa mu tebulo limodzi

Dzulo ndinakhala pansi ndi gawo la zotsatira za kafukufuku wanga wa chimanga. Mitundu inayi ya mbewu, minda isanu, nyengo ziwiri. Zimenezo ndi manambala 40, ndipo onsewo ndinawalemba m'ziganizo, masamba atatu athunthu. Ngakhale ine mwiniwake ndinasokera pa ndime yachiwiri.

Ndawasamutsira mu tebulo limodzi: mbewu m'mizere yotsika, minda ndi nyengo pamwamba, ndipo mawu oti matani pa hekitala ndawalemba kamodzi kokha pamutu. Zolemba zatsala ziganizo zitatu, zonena mbewu imene yatsogola, munda umene sinatsogole, ndi kukula kwa kusiyanako. Zifukwa zake zidikire gawo lokambirana.

Chimene chinandivuta ndi girafu. Ndinaikonda, koma inkangobwereza za mu tebulo, ndiye ndaichotsa. Ndasiya ya kakulidwe ka mbewu sabata ndi sabata, poti pamenepo diso likufuna kuona kukwera kwa mzere, osati nambala iliyonse.

Posamutsapo ndapezanso kuti nambala ina ndinalemba 3.4 m'ndime koma 4.3 pa girafu. Aphunzitsi anga anawerenga kawiri osaiona!