Za Kuthira Mwambi M'mawu Otembenuzidwa

Ife aphunzitsi tipatsidwa kawirikawiri makalata a Chingerezi kuti tiwatembenuze m'chinenero chathu. Tikatsata mawu limodzilimodzi, anthu amva ndithu, koma anena kuti, "Awa ndi mawu a mlendo." Chifukwa chake tifunafuna miyambi ndi zining'a. Koma mwambi uli ngati mchere: uyenera pandiwo, suyenera m'madzi akumwa.

Tiyeni tione kalata ya kuchipatala yolangiza amayi za mwana wotsegula m'mimba. Ili ndi mawu atatu, ndipo onse safuna machitidwe amodzi.

Oyamba ati, "Munthu amene safuna malangizo angathe kukumana ndi zovuta." Pano mwambi ulipo wokwanira bwino: "Safunsa anadya phula." Mawu atatu okha asenza katundu yense, ndipo mayi awakumbukira ali pamtondo. Koma tiyambe tafunsa kuti kalatayo idzawerengedwa kwa yani, ndiponso liti. Pamsonkhano wa amayi a ana amoyo, mwambi uwu uchenjeza. Kwa mayi amene mwana wake wafooka kale, mwambi womwewo umtonza, pakuti umuyesa wopusa wosiya uchi ndi kudya phula. Adzachita manyazi, ndipo kuchipatala sadzabwerako msanga.

Achiwiri ati, "Musaope, mwana achira mukafulumira." Apa sipafunika mwambi wathunthu. Chining'a chaching'ono chikwana: "Mtima ukhale m'malo, amayi." Momwemonso ponena za imfa sitilemba kuti mwana wafa, koma kuti watisiya, pakuti ndimo tilankhulira pamudzi. Zining'a zotere sizioneka ngati zokometsera, koma ndizo zichotsa fungo la chilendo m'kalata.

Achitatu ati, "Sungunulani paketi 1 ya mankhwala a mchere ndi shuga m'lita 1 ya madzi owiritsa ozizira, ndipo otsala muwataye pakapita maola 24." Mawu awa tisawakhudze konse. Wina angafune kulemba kuti, "Thirani madzi pang'ono, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno," kapena mawu ena okoma m'khutu. Koma madzi akachepa, mcherewo uchuluka mphamvu, numpweteka mwana amene tifuna kumchiritsa. Mwambi uli ndi makomo ambiri, yense alowa pa khomo lake. Muyeso uli ndi khomo limodzi lokha.

Nanga tidziwa bwanji kuti talemba bwino? Tiwerengere kalatayo mayi wachikulire wosadziwa Chingerezi, ndi kumfunsa kuti, "Kodi amayi, mukafika kunyumba mukachita chiyani?" Akabwereza mwambi wokha, naiwala lita ija, mwambi wadya uthenga, ndipo tiuchotse. Akanena muyeso molunjika, nawonjeza yekha kuti, "Inde, safunsa anadya phula," pamenepo kalata yalankhula ngati mwana wa pamudzi.

Chotero, abale, pochenjeza tithire mwambi, potonthoza tithire chining'a, koma poyesa muyeso tinene mawu oyera.