Mtengo wa Kapu ya Khofi ku Kanengo

Anyamata amene abwera masiku ano ndi mafulasiki, nayendayenda pazipata za okushoni ya fodya akugulitsa madzi ofiirira pa K700, ndiwo achititsa kuti anthu azinditcha wodulitsa, ine amene ndimafulula khofi weniweni wa Mzuzu, wolimidwa m'mapiri a Misuku.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali bambo wina wachikulire wa ku Kawale, yemwe anaphikira Azungu zaka zambiri, munthu wosakonda kuyankhula, wovala malaya oyera ngakhale pamakala. Sankalola kuti nditchule mtengo ndisanaulembe m'kope, ndipo khofi akatayika pansi ankandiuza kuti ndimusese, ndimuike pasikelo, ndione ndi maso anga chimene ndataya. "Mwanawe," ankatero, "paketi siiwerengedwa ndi zimene zalembedwa kunja kwake, koma ndi makapu amene atulukamo."

Paketi ya magalamu 500, imene ndinagula pa K18,000, iyenera kutulutsa makapu 50. Koma chifukwa wina amatsalira m'chopera, wina amatha polawa m'mawa, ine ndimawerenga 45, ndipo khofi wa kapu imodzi amakhala K400. Kapu ya pepala, shuga, makala ndi madzi, zonse pamodzi ndi K300.

Mkaka ndiwo umagwetsa ambiri. Lita ya K2,400 imaoneka ngati ikwanira makapu asanu ndi atatu, komatu pouwiritsa umaphwera, wina umakakamira m'poto, ndipo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, wotsala masana umasasa, osadikira ogula a madzulo. Ukayamba kuchita timibulu m'khofi wotentha, dziwani kuti wapita. Chotero ndimagawa ndi zisanu ndi chimodzi, mkaka wa kapu imodzi nukhalanso K400, ndipo kapu yafika pa K1,100 ndisanadzipatse kanthu.

Thukuta langa, pamodzi ndi minibasi yochokera ku Area 25 ndi chiphaso cha malo, ndimaliika pa K8,000 patsiku. Msika wa fodya ukatsegulidwa, alimi ndi oyendetsa malole atadzaza, ndimagulitsa makapu 40, ndipo iliyonse imasenza K200. Msika ukatsekedwa, makapu amatsika kufika 20, iliyonse nisenza K400. Popeza sindingasinthe mtengo ndi nyengo, ndimawerengera miyezi ya chilalayo, nditchula K1,500, kuti zotsala za nthawi ya fodya zidzagule ketulo ndi kundichirikiza monga zinachitira pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023.

Ndipo pamwamba pa zonsezi amabwera akalaliki ovala mataye, nati, "Achimwene, onjezerani mkaka pang'ono, ndalama mwezi ukatha." Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, nchifukwa chake ngongole ndinaletsa, ndipo wofuna mkaka woonjezera amalipira K200 ndisanatsanule.