Tsiku loyamba pantchito, musamudutse mlonda

Amayi ndi abambo, ena mwa inu mukuyamba kumene ntchito, kaya kuesiteti, kusitolo kapena m'nyumba ya munthu. Ife anamwino timasamutsidwa kawirikawiri, ndiye kukhala mlendo pantchito tinakuzolowera.

Ndikafika pachipatala chatsopano, ndimayambira kwa mkulu wa pamalopo. Ndimatchula dzina langa, ntchito yanga ndi kumene ndachokera, basi. Za masatifiketi sindinena, anthu amaziona ngati matama.

Kenako ndimapempha wina kuti andizungulitse. Alangizi a zaumoyo, amayi okolopa ndi mlonda, onse ndimawapatsa moni wa pamanja n'kuwafunsa kuti ndiziwaitana bwanji. Ena amafuna dzina la mfunda, ena "amake uje". Mayinawo ndimalemba m'kope.

Chifukwa chake nachi. Mayi woyembekezera akafika pakati pa usiku akutaya magazi, wodzandidzutsa ndi mlonda, ndipo wothamangira kukaitana anzanga ndi yemweyo. Ngati masana ndinamudutsa osamulonjera, kugwirizana kwathu kuyambira pati?

Sabata yoyamba sindisintha kanthu, pokhapokha ngati chikuika moyo wa wodwala pachiswe. Ndimangofunsa kuti, "Kuno izi mumachita bwanji?" Munthu ukamufunsa motero amamasuka, ndipo mawa amakuuza yekha zimene sunafunse.